Dampa imodzi, mabwana awiri: kusankha njira polemba ndondomeko ya AHU ya ekonomaiza ndi sensa ya CO2

AHU ndi makina oziziritsa ndi kuponya mpweya m'nyumba. Pa AHU yokhala ndi ekonomaiza, yomwenso imalowetsa mpweya wakunja molingana ndi kuchuluka kwa anthu, dampa, chitseko cholowetsa mpweya wakunjawo, imamvera mabwana awiri. Ekonomaiza, yomwe ntchito yake ndi kuziziritsa nyumba ndi mpweya wakunja, imafuna kuitsegula kunja kukazizira, kuti chila, makina oziziritsa madzi, ipume. Sensa ya CO2 nayo imafuna kuitsegula anthu akadzaza, kaya kunja kukutentha kaya ayi. Ndondomeko ya kayendedwe ka makina ndi pepala lomwe wolemba pulogalamu ya kontilola adzatsate mzere ndi mzere, ndipo ndi lomwelo wodzayesa makina adzagwire m'manja tsiku lolandira ntchito. Pepalalo likapanda kunena kuti wamkulu ndani pakati pa awiriwa, wolemba pulogalamu amagamula yekha, ndipo mwini nyumba amadzadziwa chigamulocho mvula itayamba, makapeti akununkha chinyontho.

Yankho langa pa funso limenelo ndi limodzi ndipo sindilisintha: mpweya wa anthu ndiwo umaika malire apansi, ekonomaiza imasewera pamwamba pa malirewo. Dampa imatsata lamulo lalikulu pa awiriwo. Koma kuti chiganizo chimenechi chisanduke ndondomeko yogwira, pali zosankha zingapo, ndipo pa chilichonse pali njira zopikisana.

Titenge chitsanzo chimodzi choti tiyende nacho mpaka kumapeto. Holo ya misonkhano ku Lilongwe, pansi pake 300 m², denga mamita 4, yokwana anthu 150. AHU ndi imodzi, imaponya 2,000 L/s ikathamanga kwambiri, ili ndi koilo ya madzi ozizira ochokera ku chila, ndipo fani yake ili pa VFD, chipangizo chosinthira liwiro lake. Koilo yotenthetsa palibe. Muyezo wa ASHRAE 62.1, wonena za mpweya wakunja wofunika m'nyumba, umati chipinda cha misonkhano chilandire 2.5 L/s pa munthu aliyense, kuphatikizapo 0.3 L/s pa m² iliyonse chifukwa cha fungo la penti, mipando ndi kapeti. Ndiye holo ikadzaza ikufuna 375 kuphatikiza 90, kukhala 465 L/s. Ikakhala yopanda anthu koma ili m'nthawi yogwiritsidwa ntchito, 90 L/s. Manambala awiriwa alembedwe m'ndondomeko momwemo. Mawu akuti "mpweya wakunja wokwanira" palibe angawaike m'kontilola.

Ekonomaiza izizima liti?

Apa ndi pamene ndalama zimatayikira, choncho ndikhalapo nthawi.

Njira yosavuta kumva ndi yoyerekeza kutentha kwa kunja ndi kwa mpweya wobwerera kuchokera m'holo: kunja kukazizira kuposa m'kati, tsegulani. Kumadera ouma imagwira bwino. Kuno imakugwetsani m'Januwale. M'mawa mvula itagwa usiku, kunja kungakhale 22°C ndi chinyontho cha 85%, pamene mpweya wobwerera uli 24°C ndi 50%. Pa sikirini kunja kukuoneka kozizira ndi madigiri awiri, dampa nkutseguka yonse. Koma koilo sichotsa kutentha kokha, imafinyanso madzi. Mukawerengera zonse pamodzi, zomwe amati entalipi, mpweya wakunjawo uli ndi pafupifupi 63 kJ/kg ndipo wobwerera uli ndi 51. Kusiyana kwa 12 kJ/kg pa mpweya woonjezera wa 1,535 L/s ndi katundu wa pafupifupi 19 kW woikidwa pa chila ndi chipangizo chomwe anagulira kupulumutsa magetsi. Chizindikiro chake ndi ichi: valavu ya madzi ozizira ili 100%, paipi yotaya madzi a pa koilo ikuchucha osaleka, koma m'holo mukumata.

Munthu akaona zimenezi amathamangira njira yachiwiri, yoyeza entalipi yeniyeniyo, kaya kuyerekeza yakunja ndi yobwerera, kaya kuyerekeza yakunja ndi mulingo wokhazikika. Papepala ndi yanzeru kuposa zonse. Vuto lake lili pa sensa ya chinyontho. Sensa yotere yokhala panja, pa fumbi la Okutobala ndi mvula ya Febuluwale, imasokera msanga, ndipo ikangosokera ndi 5% yokha pa 24°C, entalipi yalakwika ndi pafupifupi 2.7 kJ/kg. Mukayerekeza masensa awiri, wina wasokera chokwera wina chotsika, mwalakwa ndi 5 kJ/kg kapena kuposa, ndipo palibe alamu idzalire. Palinso msampha wa mulingo. Nambala ya 47 kJ/kg ya mu ASHRAE 90.1, muyezo wa kupulumutsa magetsi m'nyumba, ndi ya malo otsika ngati m'mbali mwa nyanja yamchere. Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050, ndipo mpweya womwewo wa 24°C ndi 50% kuno umapereka 51. Muyezowo umanena kuti kumalo okwera nambalayo isinthidwe, koma wokopera mwachangu saona kachiganizo kameneko. Njira iyi ndingailembe pokhapokha pali munthu wodziwika, wokhala ndi chida choyezera, amene adzayese masensawo chaka ndi chaka.

Njira yachitatu ndi mulingo wokhazikika wa kutentha kwa kunja, sensa imodzi basi. ASHRAE 90.1 imapereka 24°C kumadera ouma, 21°C kumadera ozizira achinyontho, ndi 18°C kumadera otentha achinyontho. Pa holo yathu ndimasankha 18°C. Ndikudziwa chomwe mukutaya. Masana a mu Julayi, kunja 22°C ndi chinyontho cha 40%, ekonomaiza ikhala yotseka pamene ikanathandiza. Koma yesani kukula kwa chotayikacho: mpweya wouma chonchi sufinyidwa madzi pa koilo, phindu lake ndi madigiri awiri aja okha, pafupifupi 3 kW. Kutaya 3 kW mu Julayi pofuna kupewa 19 kW mu Januwale ndi malonda abwino. Ngakhale 18°C si yangwiro, chifukwa m'bandakucha wa dzinja mpweya wa 18°C wodzaza chinyontho umapitirira pang'ono entalipi ya wobwerera, koma pamenepo mwangoluza pang'ono.

Wofuna kupindula ndi miyezi youma angaike milingo iwiri pa kalendala ya kontilola, 18°C m'nyengo yamvula ndi 22°C kuyambira Juni mpaka Seputembala. Zimatheka, bola wotchi ya kontilola isamabwerere ku chaka china magetsi akathima.

Zinthu ziwiri zing'onozing'ono zisasowe pa mzere umenewu. Choyamba ndi mpata pakati pa kuzima ndi kuyaka: izime kunja kukapitirira 18°C, iyakenso kukatsika pansi pa 17°C, apo ayi dampa izingopita uku ndi uku mphepo ikamasintha. Chachiwiri ndi batani loti woyang'anira nyumba atsekere ekonomaiza kwa maola angapo tchire likamapsa pafupi, ndipo lizidzibweza lokha nthawiyo ikatha. Sensa yakunja ikhale pamthunzi, kutali ndi malata ndi mpweya wotentha wa chila. Yoikidwa padzuwa imatseka ekonomaiza chaka chonse popanda wodandaula, poti m'holo mumazizirabe. Kumalo ngati chigwa cha Shire funso loyamba ndi lakuti ekonomaiza ikufunikadi, chifukwa maola ofika pansi pa 18°C holo ili ndi anthu ndi ochepa, ndipo 90.1 yomweyo siikakamiza kumadera otentha kwambiri.

Nanga CO2 ilamule bwanji?

Ndondomeko zambiri zimangoti: "CO2 ikapitirira 1,000 ppm, dampa itseguke." Tiyeni tiione pa holo yathu. Munthu wokhala pampando amatulutsa pafupifupi 0.005 L/s ya CO2, ndipo kunja masiku ano kuli pafupifupi 420 ppm. Anthu 150 akamalandira 465 L/s yonse yomwe muyezo ukufuna, CO2 imakakhazikika pafupi ndi 2,030 ppm. Imeneyo si holo yolephera, ndi holo yomwe ikulandira ndendende zomwe 62.1 yalamula. Kuti muigwire pa 1,000 ppm pafunika 8.6 L/s pa munthu, kapena kuti pafupifupi 1,290 L/s holo itadzaza. Ngati mwini nyumba akufuna mpweya wochuluka chomwecho, ndi ufulu wake ndipo pali zifukwa zabwino zofunira, koma koilo ndi chila zigulidwe za kukula kumeneko kuyambira pachiyambi. Ngati zinagulidwa za 465 L/s, mulingo wa 1,000 ukutanthauza kuti anthu akangopitirira 54, dampa ikafika kumalire ake apamwamba nkukhala komweko. Ndipo ngati wolemba anaiwala kuika malire apamwamba, lupu, kachigawo ka pulogalamu kothamangitsa mulingowo, idzakankha dampa mpaka 100% masana a Novembala, kunja kuli 32°C, holo nkutentha msonkhano uli pakati.

Njira ina ndi yokweza mpweya pang'onopang'ono molingana ndi CO2: pa 420 ppm mupereke 90 L/s, pa 2,030 ppm mupereke 465 L/s, pakatipo mzere woongoka. Taonani anthu 60 atabwera ku maphunziro a tsiku limodzi. Muyezo ukufuna 240 L/s. Njira ya mulingo wa 1,000 ipereka 465, CO2 nkukhala cha m'ma 1,065, osafikabe pomwe ikufuna. Njira ya mzere imakhazikika pa 313 L/s ndi CO2 ya pafupifupi 1,380. Yapitirira zofunika, koma yapulumutsa 150 L/s ya mpweya wotentha wachinyontho, ndipo ilibe lupu yoti muichune, choncho siisakasaka. Iyi ndiyo ndimalemba pa chipinda chimodzi cha AHU imodzi. Amene akuona kuti 2,030 ndi yokwera atha kutsitsa mapeto a mzere, mwachitsanzo 465 L/s ifikidwe pa 1,600 ppm. Dampa ifika kumalire msanga, koma koilo sipyoledwa.

Njira yachitatu siyeza CO2 nkomwe: sensa yoona ngati muli anthu, kapena ndandanda ya maola. Mulibe munthu, 90 L/s. Muli munthu, 465 L/s. Ndi yotchipa, sisokera, ndipo pa chipinda chomwe chimakhala chodzaza kapena chopanda munthu, monga kalasi, imakwanira. Pa holo yomwe lero muli anthu 12 mawa 140, imataya zambiri.

CO2 imachedwa, ndipo ndondomeko iyenera kuvomereza zimenezo. Holo yathu ili ndi 1,200 m³. Anthu 150 akalowa nthawi imodzi, CO2 imakwera ndi pafupifupi 37 ppm pa mphindi, choncho kufika 1,000 ppm kumatenga mphindi ngati 16. Akatuluka imatsika mochedwa kuposa apo. Lupu ya PID yothamanga pa chinthu chaulesi chotere imangovutitsa mota ya dampa.

Za sensayo. Ikhale pakhoma m'holo momwemo, pa msinkhu wopumira munthu, kutali ndi chitseko ndi pomwe mpweya umatulukira. Masensa ambiri amadzikonza okha poganiza kuti nambala yotsikitsitsa ya masiku angapo ndi ya mpweya wakunja. Pa holo yomwe imagona yopanda anthu zili bwino, koma pa chipinda chokhala ndi anthu usana ndi usiku sensa imadzinamiza nkumawerenga motsika. Kukwera kwa malo nakonso kumaikhudza: mphamvu ya mpweya ku Lilongwe ndi pafupifupi 89 kPa osati 101, ndipo sensa yosauzidwa za kukwerako imatsitsa nambala ndi gawo loposa limodzi mwa magawo khumi. Itulutseni panja tsiku loyesa. Ikawerenga cha m'ma 370, mwadziwa. Pomaliza, lembani chomwe chichitike sensa ikafa. Ikawerenga pansi pa 300 ppm, kapena nambala ikauma osasuntha kwa maola holo ili ndi anthu, makina abwerere ku 465 L/s ndipo alamu ilire. Kubwerera ku 90 ndi kulanga anthu chifukwa cha waya woduka.

Kuchoka pa L/s kufika pa dampa

Kontilola yawerengera kuti pakufunika 313 L/s. Idziwa bwanji kuti yalowa? Kulemba kuti dampa ikhale pa 20% sikuthandiza. Dampa yotseguka 20% silowetsa 20% ya mpweya, ndipo fani ikatsika liwiro mpweya wakunja umatsika nayo, dampa ili pomwepo.

Pali njira ziwiri zenizeni. Ina ndi kuika choyezera mpweya pakhomo lakunja. Chenjerani ndi kukula kwa khomolo: lomangidwira 2,000 L/s pa liwiro la 2.5 m/s ndi 0.8 m², ndipo 90 L/s podutsa pamenepo ikuyenda 0.11 m/s. Choyezera cha mapaipi a pitoti sichimva kanthu pa liwiro lotere. Pafunika choyezera cha mtundu wotenthetsa kachingwe, kapena kugawa khomo kuti pakhale kadampa kakang'ono ka mpweya wa anthu pambali pa dampa yaikulu ya ekonomaiza. Ina ndi yomwe Guideline 36, buku la ASHRAE la ndondomeko zolembedwa kale, imagwiritsa pa AHU ya chipinda chimodzi: woyeza mpweya amapeza malo anayi a dampa, a 90 ndi a 465 fani ili pa liwiro lotsika, ndi a 90 ndi a 465 fani ili pa liwiro lokwera, kontilola nkumawerengera pakati pake. Pa sikirini amatchedwa `MinPosMin`, `DesPosMin`, `MinPosMax` ndi `DesPosMax`. Pa holo imodzi njira iyi ndi yokwanira ndipo ilibe chipangizo china choti chife. Kufooka kwake ndi mphepo yamphamvu ndi mafyuluta otsekeka. Pa AHU yodyetsa zipinda zambiri kudzera m'mabokosi a VAV, osintha kuchuluka kwa mpweya wa chipinda chilichonse, ikani choyezera, ndipo kumeneko CO2 iyambe yakweza mpweya wa bokosi la chipindacho isanakhudze dampa ya nyumba yonse.

Mtima wa ndondomeko yathu, zonse zitasankhidwa, ndi waufupi. `OAT` ndi kutentha kwa kunja, `SF` ndi fani, ndipo `OAD_CMD` ndi lamulo lopita ku dampa:

```
OA_MIN  = MIN(465, MAX(90, 90 + 375 * (CO2 - 420) / (2030 - 420)))   # L/s, pakati pa 90 ndi 465
MIN_POS = f(OA_MIN, SF_SPEED)                     # malo anayi a dampa
ECON_EN = SF_STATUS AND (OAT < 17 OR (ECON_EN AND OAT <= 18))                # izime OAT > 18
OAD_CMD = MAX(MIN_POS, ECON_POS * ECON_EN)
```

`ECON_POS` ichokere ku lupu yomweyo yoyendetsa valavu ya madzi ozizira, yoyang'ana kutentha kwa mpweya wopita m'holo. Kuyambira 0 mpaka 50% ya lupu, dampa yakunja itseguke kuchoka pa `MIN_POS` kufika 100%, yobwerera ikutsekeka. Kuyambira 50 mpaka 100%, valavu itseguke, dampa ikhalebe yotseguka. Mukapatsa dampa lupu yake yoyang'ana mpweya wosakanizika, valavu nayo lupu yake, awiriwo amakokana, ndipo mudzapeza valavu ili 40% dampa ili theka m'mawa wa 14°C. Pa makina a kompuresa m'malo mwa madzi ozizira, onjezerani nthawi yoti kompuresa isazime kapena kuyaka isanakwane, chifukwa ikayaka mpweya umagwa madigiri angapo nthawi imodzi ndipo dampa imafuna kuthawira kutseka.

Mpweya wa 2,000 L/s ukalowa uyenera kupeza potulukira. Ndondomeko inene za dampa kapena fani yotulutsa, yosunga holo pa 12 Pa pamwamba pa kunja. Zitseko zikamaimba mluzu kapena kukana kutsekeka m'mawa wozizira, vuto lili pamenepo. Fani ikaima, dampa yakunja itseke, valavu itseke. Sensa ya utsi izimitse fani kudzera pa waya, osadalira pulogalamu. Ndipo popeza magetsi amathimathima, lembani kadzukidwe: kudikira pang'ono jenereta ikhazikike, dampa yobwerera itseguke, fani iyake, malupu ayambire pa ziro. Wolembera nyumba ya ku Johannesburg kapena ku Britain aonjezere chitetezo cha koilo ku chisanu, chomwe chokhacho ndicho chili ndi mphamvu yotseka dampa kupyola malire apansi aja.

Kulemba nokha, kusiyira kontilakitala, kapena kutenga Guideline 36

Kusiyira kontilakitala ndi kwachangu, ndipo mudzalandira pulogalamu ya ntchito yake yapitayo, ndi milingo ya nyumba ina. Guideline 36, yomwe ASHRAE inatulutsa koyamba mu 2018, ndi ndondomeko zolembedwa kale mwatsatanetsatane, zoganiziridwa ndi anthu ambiri, ndipo makampani ena a makontilola ali nazo kale m'mapulogalamu awo. Koma imafuna masensa onse omwe imatchula, imafuna kontilola yolembeka momasuka, ndipo milingo ya nyumba yanu imasiyirabe inu. Pa AHU yaikulu ya zipinda zambiri, itengeni yonse osaidula. Pa holo ngati yathu ndimalemba masamba awiri kapena atatu anga, nditabwereka kaganizidwe kake. Mzere uliwonse ukhale ndi zinthu zinayi: chochititsa, nambala, nthawi yodikira, ndi chochitika. Nambala iliyonse yoti idzasinthidwe pa sikirini ilembedwe kuti ndi yosinthika.

Mzere womwe sungayesedwe ubwezedwe kwa wolemba. Tsiku loyesa, namizani kontilola kuti `OAT` ndi 14, ndipo wina aime pa AHU kuona ndi maso kuti zipsepse za dampa zatsegukadi, chifukwa sikirini imasonyeza lamulo, osati ndodo yomwe yamasuka pa mota. Ikani 19, dampa ibwerere pa `MIN_POS`. Muli pomwepo kwezani `CO2` kufika 2,030 ndipo muyeze 465 L/s, kenaka 3,000, mutsimikize kuti siikupitirira. Bwezani `OAT` pa 14 ndi `CO2` pa 420, dampa isatsike chifukwa cha CO2 yochepa. Zulani waya wa sensa muone ngati alamu yalira. M'mawa wozizira mungayesenso popanda choyezera mpweya:

```
OA% = (RAT - MAT) / (RAT - OAT) * 100
```

Wobwerera `RAT` 24°C, wakunja `OAT` 14°C, wosakanizika `MAT` 21.7°C: ndi 23%, yomwe pa 2,000 L/s ndi pafupifupi 465 yathu ija. Kawerengedwe aka kamafuna kusiyana kwa madigiri khumi kapena kuyandikira pakati pa kunja ndi m'kati, ndiponso sensa ya mpweya wosakanizika yaitali yoyala m'bokosi lonse, poti ya nsonga imodzi imangomva mbali yomwe yayandikira. Pa 90 L/s kusiyana kwake ndi theka la digiri, ndipo pamenepo pafunika choyezera chenicheni m'manja mwa woyeza mpweya.